Kuwerenga ndi Kuoda Katundu m'Golosale: Ntchito ya Tsiku Lililonse pa Sabata

Katundu wa m'golosale amalowa pakhomo limodzi koma amatulukira pamakomo ambiri. Polowa amabwera tsiku lokapikula, ali m'mabelo ndi m'makatoni, lisiti lili m'manja. Potuluka amachoka pang'onopang'ono: paketi iyi yagulidwa, iyo yatengedwa pa ngongole, ina yapita kukhitchini kwa eni golosale, ina yang'ambika pansi pa shelefu. Mwini golosale amene amangoyang'ana mashelefu ndi maso n'kunena kuti "shuga alipo" kapena "sopo wachepa" amadziwa zimene zatsala, koma sadziwa zimene zatuluka. Chonsecho chimene chimauza munthu kuchuluka kwa katundu woti akaode ndi chimene chatuluka.

Njira yodziwira ndi kuwerenga, ndipo kuwerenga kumapindula ngati kukuchitika tsiku lomwelomwelo sabata iliyonse. Golosale yaing'ono ikhoza kukhala ndi mitundu ya katundu yoposa 100, ndiye kuwerenga zonse tsiku limodzi kumatopetsa, mapeto ake munthu amangosiya. N'chifukwa chake ntchitoyi amaigawa pa masiku a sabata. Tsiku lokapikula ndiye msanamira. Masiku ena onse amatsamira pamenepo.

Chitsanzo chimene chili m'munsimu ndi cha golosale ya m'dera lokhala anthu ambiri ngati Ndirande kapena Kawale, yomwe mwini wake amapita kuholoselo kamodzi pa sabata, Lachiwiri, ku Limbe kapena ku Malangalanga. Manambala ake ndi ongophunzitsira. Golosale ya pa tauni yaing'ono yomwe imakhala ndi tsiku la msika imasuntha masikuwa kuti katundu azifika kutatsala tsiku limodzi kapena awiri msika usanachitike.

Kope la katundu

Chida chake ndi kope la chikuto cholimba, losiyana ndi kope la ngongole. Katundu aliyense amapatsidwa mzere wake, ndipo tsamba la sabata limagawidwa m'mizati isanu ndi umodzi: zimene zinalipo poyamba sabata, zimene zalowa, zimene zatsala, zimene zatuluka, zotuluka popanda ndalama, ndi zoti zikaodedwe. Mayina amalembedwa motsatira mmene katundu wakhalira m'golosale, kuyambira shelefu ya pamwamba kumanzere mpaka ya pansi kumanja. Kulemba motsatira alifabeti kumaoneka kwaukhondo, koma kumayendetsa munthu uku ndi uku ndipo amadumpha zinthu.

Katundu mmodzi wa masaizi awiri amatenga mizere iwiri. Botolo la mafuta ophikira la lita imodzi ndi la malita awiri si chinthu chimodzi, ngakhale kampani ili imodzi. Muyeso wowerengera nawonso ukhale umodzi, womwe ndi muyeso wogulitsira. Shuga amagulidwa pa belo la mapaketi 20 a kilogalamu imodzi, koma amagulitsidwa pa paketi, choncho m'kope mabelo awiri ndi mapaketi 7 amalembedwa 47. Machesi amalembedwa pa kabokosi ngati amagulitsidwa pa kabokosi. Munthu akalemba mabelo sabata ino, mapaketi sabata yamawa, kope limasanduka losathandiza pasanathe mwezi.

Katundu yense amagawidwa patatu malinga ndi mmene amayendera. Pali wa tsiku ndi tsiku monga buledi, mazira ndi mayunitsi. Pali woyenda msanga yemwe sawonongeka msanga: shuga, mafuta ophikira, sopo, mchere, masamba a tiyi, nyama ya soya, machesi, makandulo, zakumwa. M'golosale yaing'ono gulu limeneli limakhala ndi mitundu yowerengeka, mwina 15 kapena 20, koma ndi limene limanyamula mpamba wambiri. Ndipo pali woyenda pang'onopang'ono monga mafuta odzola, polishi, mabatire, ulusi, zolembera. Gulu lililonse lili ndi nthawi yake yowerengera.

Madzulo aliwonse

Chitseko chikatsekedwa pamakhala ntchito ya mphindi 15 zokha. Buledi, mazira ndi mayunitsi amawerengedwa, ndalama za m'kabati nazonso. Buledi amabwera m'mawa ndi galimoto kapena njinga ya kubekale, ndiye nambala ya mawa imagamulidwa madzulo ano. Chofunika kuyerekezera ndi tsiku lomwelo la sabata yatha, chifukwa buledi wa Lamulungu m'mawa sayenda mofanana ndi wa Lachitatu. Ngati Lachitatu lapita analandira malofu 30 n'kutsala 6, Lachitatu lino 25 akwanira. Buledi wogona amavuta kugulitsa, ndipo phindu la pa lofu ndi lochepa moti malofu ochepa otsala amadya phindu la ambiri ogulitsidwa.

Mazira amawerengedwa pa thileyi ya 30 kuphatikiza amene ali pa thileyi yotsegula. Osweka amalembedwa tsiku lomwelo mu mzati wa zotuluka popanda ndalama. Mu mzati womwewo mumalowa chilichonse chimene a pabanja atenga, ngakhale kabokosi kamodzi ka machesi. Cholinga si kumana a pabanja, koma kuti Lolemba pasadzaoneke ngati katundu wabedwa pomwe anadyedwa m'nyumba momwemo. Magolosale ambiri amayambanitsa mwini ndi wogulitsa chifukwa cha mzati umenewu ukasiyidwa wopanda kanthu.

Pa katundu wodula woyenda msanga, wogulitsa amakhala ndi pepala pakaunta pomwe amakhwatcha kamzere paketi iliyonse ikatuluka. Sizitheka kuchita zimenezi pa maswiti ndi mabisiketi onse, koma pa shuga, mafuta a m'mabotolo ndi sopo zimatheka, ndipo timizere timeneti ndi timene timadzayerekezedwa ndi kuwerenga kwa Lolemba.

Lolemba: kuwerenga

Lolemba m'mamawa, golosale isanatsegulidwe, ndi pamene amawerenga gulu la katundu woyenda msanga. Nthawi imeneyi ndi yabwino pa zifukwa ziwiri: malonda aakulu a kumapeto kwa sabata adutsa, choncho mashelefu ndi opepuka, komanso mawa lake ndi tsiku lokapikula. Kuwerenga makasitomala akugula kumasokoneza, popeza paketi yowerengedwa kale imatha kutuluka munthu ali pa shelefu ina.

Anthu awiri amagwira bwino ntchitoyi, wina kuwerenga mokweza, wina kulemba. Wowerengayo asaone nambala imene kope likuyembekezera. Munthu akadziwa kuti payenera kukhala 21, maso ake amapeza 21. Amayamba ndi kuchipinda chosungira katundu kapena pansi pa kaunta, kenako mashelefu. Katoni yosatsegula imawerengedwa malinga ndi nambala yolembedwa kunja kwake, koma yotsegula amaikhuthula n'kuwerenga chimodzichimodzi, ndipo ngakhale yooneka yotseka amainyamula kuti amve kulemera. Katoni yomwe ili pansi pa mulu ikhoza kukhala yopanda theka kwa miyezi osadziwika.

Akatha kuwerenga, masamu ake ndi amodzi pa katundu aliyense: zimene zinalipo Lolemba lapita, kuphatikiza zimene zinalowa m'kati mwa sabata, kuchotsera zimene zapezeka lero. Yankho lake ndi zimene zatuluka.

Mzere wa shuga ukhoza kuoneka chonchi. Lolemba lapita munali mapaketi 14. Lachiwiri munalowa mabelo atatu, omwe ndi mapaketi 60, onse pamodzi 74. Lero apezeka 19. Ndiye kuti atuluka 55. Mu mzati wa zotuluka popanda ndalama muli paketi imodzi yopita kunyumba ndi imodzi yong'ambika, choncho ogulitsidwa ayenera kukhala 53. Koma timizere ta pakaunta tikuonetsa 51, omwe 48 analipiridwa ndipo 3 anatengedwa pa ngongole. Mapaketi awiri sakuoneka.

Apa mwini golosale wanzeru sathamangira kuloza chala. Poyamba amawerenganso shuga yekhayo. Kenako amaona lisiti la Lachiwiri ndi kukumbukira ngati mabelo onse atatu anali athunthu. Amafunsanso ngati paketi ina inatsegulidwa kuti igulitsidwe m'timapepala ting'onoting'ono, chifukwa paketi yotere imatuluka popanda kamzere. Loweruka madzulo anthu akadzaza pakaunta, wogulitsa amatha kuiwala kukhwatcha, ndipo zikatero ndalama za tsikulo zimakhala zochulukirapo kuposa zimene timizere tikunena. Kusowa kwa sabata imodzi kumachitika ngakhale kwa anthu okhulupirika. Chimene chimadetsa nkhawa ndi kusowa kobwerezabwereza: katundu yemweyo, sabata zitatu kapena zinayi zotsatizana, nthawi zonse mochepa osati mochuluka. Kulakwitsa wamba kumagwera uku ndi uku. Dzanja lolowa m'katundu limagwetsera mbali imodzi. Zikafika apo, katunduyo amasamutsidwira m'gulu lowerengedwa madzulo aliwonse mpaka tsiku ndi nthawi imene amasowera zidziwike.

Lolemba: kugamula zoti zikaodedwe

Sabata imodzi siyokwanira kudziwira mmene katundu amayendera, choncho amatenga masabata anayi apitawa. Ngati shuga anatuluka 48, 52, 61 ndi 55, onse pamodzi ndi 216, ndipo kugawa ndi 4 kumapereka 54 pa sabata, pafupifupi mapaketi 8 patsiku. Masabata anayi ndi abwino chifukwa amaphatikiza sabata ya malipiro a kumapeto kwa mwezi ndi masabata a pakati pa mwezi pamene ndalama zimasowa m'matumba.

Funso lotsatira ndi la masiku amene katundu ayenera kukwanira, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Popeza amapikula kamodzi pa sabata, amaganiza za masiku 7. Koma kuwerenga kwachitika Lolemba m'mawa, katundu afika Lachiwiri masana, ndipo wina adzafikanso Lachiwiri la sabata yamawa masana. Kuchokera pa nthawi yowerenga mpaka pamenepo ndi masiku pafupifupi 9. Shuga amene ali m'golosale lero, pamodzi ndi amene agulidwe mawa, ayenera kukwanira masiku 9 amenewo: 9 kuchulukitsa ndi 8 ndi mapaketi 72.

Pamwamba pake amawonjezera katundu wodikirira zamwadzidzidzi. Maliro kapena chinkhoswe m'mudzi zikhoza kutha belo lonse tsiku limodzi. Mwini golosale akhoza kudwala Lachiwiri. Holoselo ikhoza kukhala ilibe katunduyo. Kwa golosale yomwe holoselo ili pafupi, katundu wa masiku awiri ndi wokwanira, omwe pa shuga ndi mapaketi 16. Yomwe ili kutali, makamaka ngati msewu umavuta nthawi ya dzinja, imasunga wa masiku anayi kapena kuposa. Pa chitsanzochi mulingo wofunika ndi 72 kuphatikiza 16, omwe ndi 88. Kuchotsera 19 amene alipo, pakufunika mapaketi 69.

Holoselo sigulitsa mapaketi 69, imagulitsa mabelo. Atatu ndi 60, anayi ndi 80. Akatenga atatu, katundu wodikirira zamwadzidzidzi amatsika kuchoka pa 16 kufika pa 7, osakwana tsiku lathunthu. Akatenga anayi, mapaketi 11 owonjezera amangokhala kudikira sabata inayo. Shuga sawonongeka msanga ndipo amayenda ndithu, ndiye ngati ndalama zilipo, kapena mwezi ukupita kumapeto, mabelo anayi ndi oyenera. Pakati pa mwezi, ndalama zili zochepa, atatu akhoza kukwanira bola Lachisanu adzaonenso. Pa katundu wowonongeka msanga chigamulo chimapendekera ku nambala yaing'ono.

Pali msampha umodzi umene masamuwa sauona okha. Ngati sopo wina anatha Loweruka m'mawa, kope limaonetsa kuti anatuluka 30, koma 30 amenewo anatuluka m'masiku 5 okha, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Kugawa ndi 7 kumapereka 4 patsiku pomwe zoona zake ndi 6. Munthu akaoda motsatira nambala yaing'onoyo, sopoyo amathanso msanga, kope limatsikanso, ndipo katundu woyenda bwino amayamba kuoneka ngati wosayenda. Choncho katundu akatha sabata isanathe, tsiku limene wathera limalembedwa pambali pa mzere wake, ndipo pogawa amagawa ndi masiku amene analipo basi.

Masamuwa akachitika pa mzere uliwonse, mndandanda umawerengetsedwa ndalama. Kuimba foni kuholoselo ziwiri kapena zitatu Lolemba masana kumathandiza kudziwa mitengo ndi zimene zasowa, kuti ulendo wa mawa usakhale wongoyendayenda. Nthawi zambiri ndalama za mndandanda zimaposa zimene zili m'manja, ndipo pamafunika kudula. Chodulidwa choyamba chisakhale katundu wa phindu laling'ono pa paketi, ngakhale mtima umakokera kumeneko. K100,000 yoikidwa pa katundu wopindula K8 pa K100 iliyonse, yemwe amatha sabata iliyonse, imabweretsa K8,000 pa sabata, K32,000 pa masabata anayi. Ndalama yomweyo pa katundu wopindula K30 pa K100, yemwe amatenga masabata 12 kuti athe, imabweretsa K30,000 pa nthawi yonseyo, yomwe ndi K10,000 pa masabata anayi. Komanso munthu wobwera kudzagula shuga amatenganso buledi ndi masamba a tiyi. Akapeza shuga kulibe, zonsezo amakagula pa golosale ina.

Lachiwiri: kupikula ndi kulandira

Kuholoselo munthu amapita ndi mndandanda ndipo amatsatira mndandandawo. Katundu wotsitsidwa mtengo amakopa, koma asanamutenge amaona kaye deti lake lothera ntchito, chifukwa nthawi zina mtengo umatsika deti likayandikira. Kenako amadzifunsa kuti kope likuti katunduyo amatuluka angati pa sabata. Katoni ya zinthu 48 zotuluka zitatu pa sabata imatenga masabata 16.

Katundu amawerengedwa kawiri: pakhomo pa holoselo asanakwezedwe pa kabaza, ngolo kapena galimoto, ndiponso akafika pagolosale asanakwere pa shelefu. Kuwerenga koyamba kumagwira zolakwika za holoselo nthawi yoti n'kukonzeka, poti munthu akachoka pakhomopo mlandu umavuta. Kwachiwiri kumagwira zogwa kapena zosweka panjira. M'kope mumalowa nambala ya zimene zafikadi, osati ya pa lisiti, ndipo zimalowa tsiku lomwelo. Ndalama zoyendera ndi zonyamulitsira zimalembedwa pa lisiti pomwepo, chifukwa ndi mbali ya mtengo wa katunduyo.

Ndi Lachiwiri lomweli pamene mitengo ya pashelefu imaunikidwanso. Belo likakwera mtengo kuholoselo, mapaketi akale amene atsala sangagulitsidwe ngati kuti palibe chasintha, chifukwa ndalama zake ndi zimene zidzagule belo latsopano. Mu Novembala 2023, pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya m'maholoselo inasintha m'masiku ochepa, ndipo wogulitsa amene anamaliza katundu wake pa mtengo wakale anapeza kuti ndalama zomwezo zikugula makatoni ochepa. Apa ndi pamene pamaonekera ubwino wa kope lowerenga mapaketi osati makwacha okha. Ndalama za m'kabati zikhoza kumachuluka mwezi ndi mwezi pamene mabelo a m'golosale akuchepa, ndipo ndi mzere wa mapaketi umene umaulula kuti mpamba ukudyeka.

Lachitatu ndi Lachinayi

Lachitatu ndi tsiku losanja. Katundu watsopano amapita kumbuyo, wakale amabwera kutsogolo. Wogulitsa wotanganidwa amangounjika watsopano pamwamba pa wakale, ndipo paketi ya pansi imakhala pomwepo mpaka itafwifwa. Posanja amawerenga madeti. Mapaketi ambiri amakhala ndi madeti awiri, lopangira ndi lothera ntchito, ndipo lofunika apa ndi lachiwirilo. Chilichonse chotsala ndi mwezi umodzi kapena iwiri chimalembedwa patsamba lakumapeto kwa kope ndi kuikidwa pamaso pa makasitomala, mwina motsitsako mtengo. Chimene deti lake ladutsa chimachotsedwa pa shelefu n'kulowa mu mzati wa zotuluka popanda ndalama. Kugulitsa katundu wotere kumaika moyo wa anthu pachiswe, ndipo a bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards amalanda akamupeza m'sitolo.

Tsiku lomweli amawerenga gawo limodzi mwa magawo anayi a katundu woyenda pang'onopang'ono. Sabata ino shelefu ya zodzola, sabata yamawa ya zolembera ndi makope, kenako ya zotsukira, kenako zotsala. Pakutha kwa mwezi golosale yonse imakhala yawerengedwa popanda kutseka tsiku lathunthu. Katundu wa gulu limeneli saodedwa sabata iliyonse. Amapatsidwa nambala ya chenjezo, monga mabotolo atatu a mafuta odzola, ndipo akafika pamenepo amalowa pa mndandanda wa Lolemba. Ngati nambala ya chinthu sinasinthe pa kuwerenga kuwiri kotsatizana, ndiye kuti chakhala miyezi iwiri osagulidwa. Chimenecho sichiodedwanso, ndipo kuchigulitsa pa mtengo wogulira n'kwabwino kuposa kusunga ndalama pa shelefu.

Lachinayi ndi la katundu woyeza ndi zakumwa. Mafuta ophikira a m'chigubu cha malita 20, ogulitsidwa pa kamuyeso kapena m'timachubu, sawerengeka ndi maso. Njira yake ndi kamtengo koyera kokhala ndi zizindikiro. Amatenga chigubu chopanda kanthu chofanana ndi chogulitsiracho, kuthiramo madzi lita imodzi imodzi, n'kumalemba pa kamtengo pamene madzi afika. Kamtengoko kakauma, kamaviikidwa m'mafuta kuti kaonetse malita otsala. Koma chofunika kwambiri ndi kudziwa timiyeso timene chigubu chimodzi chimatulutsadi. Pa masamu, malita 20 pa kamuyeso ka mamililita 100 ndi timiyeso 200. Pakaunta sizikwana, chifukwa mafuta ena amatsalira m'mbali mwa chigubu, ena amadontha, ndipo dzanja la wogulitsa limasefukiza kwa kasitomala wozolowereka. Wogulitsa akakhwatcha timiyeso tonse ta chigubu chimodzi kuyambira potsegula mpaka pothera, n'kupeza 188, mtengo wa kamuyeso uyenera kuwerengetsedwa pa 188. Chigubu chotsatira chikatulutsa 175, pali chimene chasintha, kaya ndi kamuyeso, kaya ndi dzanja. Mpunga, ufa ndi mchere wa m'thumba zimayesedwa mofananamo, pa sikelo.

Zakumwa za m'mabotolo obweza zimawerengedwa pawiri: mabotolo odzaza ndi opanda kanthu. Onse pamodzi ayenera kudzaza makireti amene golosale ili nawo. Mabotolo opita kunyumba za makasitomala osabwerera amaoneka pamenepa, ndipo lililonse losowa ndi ndalama pa tsiku losinthitsa. Oda ya zakumwa imachitika Lachinayi kuti zifike ndi kuzizira Loweruka lisanakwane.

Kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu

Lachisanu m'mawa pamakhala kuyendera kwa mphindi zochepa, kwa katundu asanu kapena asanu ndi mmodzi amene golosale singakhale popanda iwo. Kuchokera Lachisanu m'mawa mpaka katundu wa Lachiwiri atafika ndi masiku pafupifupi 5, choncho shuga wotuluka 8 patsiku ayenera kukhala osachepera mapaketi 40. Nambalayi ikhoza kulembedwa pa shelefu penipenipo kuti ngakhale wogulitsa aziiona. Akapezeka 51, palibe chochita. Akapezeka 28, shuga atha Lolemba lisanathe, mwinanso Lamulungu popeza kumapeto kwa sabata malonda amakwera, ndiye pamafunika belo limodzi lowonjezera lero. Ulendo wapaderawu uli ndi mtengo wake, choncho umayenera katundu amene phindu lake, pamodzi ndi makasitomala amene angatayike, zikuposa ndalama ya kabaza. Ngati ulendo wa Lachisanu ukuchitika sabata iliyonse pa katundu yemweyo, vuto lili pa mulingo wa Lolemba, ndipo umakwezedwa.

Loweruka ndi logulitsa. Kupatula ntchito ya madzulo ija, palibe kuwerenga. Chimene wogulitsa amasamala ndi kulemba chilichonse chimene kasitomala wafunsa n'kupeza kulibe. Kope la katundu limadziwa zinthu zokhazo zimene zili kale m'golosale, ndipo pepala limeneli ndi limene limaonetsa zimene zikusowa. Chinthu chofunsidwa ndi anthu osiyanasiyana masabata atatu otsatizana chimayesedwa pang'ono, theka la katoni ngati holoselo ikulola.

Lamulungu madzulo, kapena Loweruka usiku kwa amene satsegula Lamulungu, ndi nthawi ya ndalama. Amaphatikiza za m'kabati za masiku onse, zolipiridwa kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, ngongole zatsopano ndi ngongole zobwezedwa. Ndalama za pafoni zikaiwalika, kabati imaoneka yoperewera popanda wolakwa. Ngongole zimaonedwa mosamala chifukwa m'kope la katundu paketi ya ngongole imaoneka ngati yagulitsidwa, ndipo masamu a Lolemba amalamula kuti ibwezeretsedwe, pomwe ndalama yake palibe. Golosale yomwe ngongole zake zikukula sabata ndi sabata imayamba kulephera kukwaniritsa mndandanda wake ngakhale malonda akuoneka abwino. Ndalama zokapikulira zimapatulidwa usiku womwewo, lendi ndi zapakhomo zisanatengedwe.

Kusintha milingo ndi nyengo

Masabata anayi apitawa amanena za m'mbuyo, ndipo amachedwa kuona nyengo ikamasintha. N'chifukwa chake Lolemba loyamba la mwezi mwini golosale amaunikanso milingo yonse akuyang'ana kalendala. Mu Juni ndi Julaye, kukazizira, masamba a tiyi, shuga ndi mafuta odzola amayenda kuposa kale. Mu Sepitembala, sukulu zikamatsegulira chaka, makope ndi zolembera zimachoka m'gulu loyenda pang'onopang'ono kwa masabata awiri kapena atatu, kenako zimabwereramo. Wooda mochedwa amatsala nazo mpaka teremu ina. Okutobala ndi Novembala ndi a zakumwa zozizira. Magetsi akamazimazima, makandulo ndi machesi amakwera mwadzidzidzi, pamene zofuna firiji zimayenera kuchepetsedwa.

Kumidzi kusinthaku kumakhala kwakukulu. Mu Januwale ndi Febuluwale ndalama za anthu zimapita ku chimanga, makasitomala amagula timiyeso ting'onoting'ono ndipo opempha ngongole amachuluka, choncho milingo imatsitsidwa ndipo masaizi aang'ono amaodedwa kuposa aakulu. M'miyezi yomweyo chinyezi chimaumitsa shuga ndi kunyowetsa mchere, ndiye mabelo amaikidwa pa matabwa, motalikirana ndi khoma, ndipo sasungidwa ochuluka. Anthu akayamba kukolola ndi kugulitsa mbewu, kuyambira cha mu Epulo ndi Meyi, milingo imakwezedwa sabata imodzi malonda asanakwere. Kope la chaka chatha likasungidwa, masamba a mwezi womwewo ndi amene amapereka nambala yoyambira, ndipo kuwerenga kwa Lolemba lililonse kumaikonza pamene nyengo ikupita.